Foni ikasintha mawu pakati pa njira

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama lapangitsa pulogalamu ya pafoni, yoti mamembala aziona ndalama zawo ndi kubweza ngongole ali pakhomo. Mayi wina wogulitsa tomato akufuna kubweza ngongole tsiku lomaliza lisanadutse. Atatsegula pulogalamuyo, foni ikuwauza kuti `Enter PIN`. Chala chaterereka, nambala imodzi yalakwika, ndipo pasikirini pakutuluka `INVALID PASSWORD!`

Apa mayi aja aima kaye. Tsiku lomwe ankalembetsa anawapangitsa zinsinsi ziwiri: pini ya manambala anayi yotsimikizira ndalama, ndi pasiwedi yayitali yotsegulira akaunti pafoni yatsopano. Foni yatchula pasiwedi, choncho akuganiza kuti analowetsa chinthu china m'malo mwa chinzake. Akuyamba kulemba pasiwedi ija, koma malo ake akungolola manambala anayi. Yankho likubwera: `Oops! Wrong passcode. 1 try left`. Ili ndi dzina lachitatu. Poopa kutsekeredwa, akuthamangira kutsamba la thandizo, komwe akupeza dzina lachinayi: `To reset your secret code, tap Account Settings.` Akufunafuna batani la `Account Settings` koma palibe, pakuti linasinthidwa dzina kalekale n'kukhala `My Profile`. Akuyesanso mongolota, akaunti yatsekedwa, ndipo mawa lake m'malo mokhala pabenchi yawo ya tomato akukwera minibasi kupita ku ofesi.

Chitsanzochi ndi chongopeka, koma chilichonse mwa zolakwika zake chimapezekadi m'mapulogalamu. Onani kuti pulogalamuyo yawerengera zonse molondola. Pini inalakwikadi, ndipo mwayi unatsaladi umodzi. Chomwe chataya mayiwa ndi mawu okha.

Munthu akamacheza kapena akamalemba nkhani, kusinthasintha mawu kumakometsa. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu limodzi kumagwetsa ulesi owerenga. Pasikirini lamuloli limatembenuka. Wowerenga uthenga wa cholakwika amakhala ali yekha, zinthu zamuvuta kale, ndipo palibe woti amufunse kuti kodi mukutanthauza chija chomwechi kapena china. Iye amatsata nzeru yomwe ndi yolondola ndithu: ngati makina atchula dzina lina, ndiye kuti akunena chinthu china.

Chisokonezochi sichichokera ku ulesi kwenikweni. Mauthenga a zolakwika salembedwa tsiku limodzi kapena ndi munthu mmodzi. Wolemba mapulogalamu amaulemba uthenga pa nthawi yomwe wafika pamzere woti "nanga zikakanika apa, tinene chiyani?", maganizo ake ali pa kukanikako osati pa mawu. Patapita miyezi, mnzake amawonjezera gawo lina ndi mawu akeake. Tsamba la thandizo limalembedwa ndi wina wa ku ofesi yothandiza makasitomala, nthawi zina poyang'ana zithunzi zakale za pulogalamuyo. Zili ngati khoma lomangidwa ndi njerwa zochokera m'zikombole zosiyana: njerwa iliyonse payokha ndi yabwino, koma mzere suwongoka.

Chinthu chimodzi, dzina limodzi

Mankhwala oyamba ndi tsamba limodzi lokha, lomwe gulu lonse limagwirizana ndi kulisunga poyera. Pa chinthu chilichonse chomwe wogwiritsa ntchito amakumana nacho, tsambalo limanena zitatu: chinthucho ndi chiyani, dzina lake lovomerezeka, ndi mayina oletsedwa. Gawo lachitatuli ndi lomwe ambiri amaiwala, chonsecho ndi lomwe limagwira ntchito kwambiri, chifukwa ndi lomwe munthu angathe kufufuza.

M'chitsanzo chathu, manambala anayi otsimikizira ndalama azitchedwa `PIN` ponseponse, ndipo `passcode` ndi `secret code` aletsedwe. Liwu la `password` lisungidwire chinsinsi chachitali chotsegulira akaunti basi. Manambala omwe amabwera pa uthenga wa pafoni n'kugwira ntchito kamodzi kokha akhale ndi dzina lawolawo, lomwe silifanana ndi ziwiri zinazo. Ngati pulogalamuyo ili ndi mbali ya Chichewa, nayonso isankhe: kaya "pini" kaya "nambala yachinsinsi", koma osati zonse ziwiri mosinthanasinthana. Ine ndingasankhe liwu lomwe mamembala amanena okha akafika kwa ejenti, ngakhale litakhala lobwereka, chifukwa ndi lomwe adzalizindikire mtima uli m'mwamba.

Lamuloli lili ndi mbali yake yachiwiri: zinthu ziwiri zosiyana zisagawane dzina limodzi. Pa mafoni a iPhone, ukadina chizindikiro cha pulogalamu kwa kanthawi n'kusankha `Remove App`, foni imakufunsa ngati ukufuna `Delete App` kapena `Remove from Home Screen`. Choyamba chimafufutiratu pulogalamuyo m'foni, chachiwiri chimangoichotsa pamaso. Pa WhatsApp pali `Delete for me` ndi `Delete for everyone`, ndipo aliyense amene anatumizapo uthenga kugulu lolakwika amadziwa kutalikirana kwa ziwirizi. Kuchotsa ndi kufufuta si chinthu chimodzi. Pulogalamu yomwe lero imati "chotsani" potanthauza kubisa, mawa n'kunena "chotsani" potanthauza kufufutiratu, tsiku lina idzatayitsa munthu zithunzi za ukwati wake.

Pali msampha wina wodziwika bwino. Munthu akufuna kuimitsa malipiro, ndipo foni ikufunsa kuti `Cancel this payment?`, pansi pali mabatani awiri, `Cancel` ndi `OK`. Liwu la `Cancel` lili ndi matanthauzo awiri pasikirini imodzi: m'funsomo likutanthauza kuimitsa malipiro, pabatanipo likutanthauza kusiya funsolo, ndiye kuti malipiro apitirire. Wodina `Cancel` amapeza kuti ndalama zapita. Kukonza kwake ndi kulemba pabatani chomwe batanilo lichite: "Imitsani malipiro" ndi "Pitirizani kulipira".

Tsamba la thandizo nalo lili ndi lamulo limodzi losasunthika. Likatchula batani, lilitchule monga momwe lalembedwera pasikirini, chilembo ndi chilembo. Anthu ambiri, makamaka omwe Chingerezi sichiwayendera bwino, sawerenga tanthauzo la batani koma amafananiza maonekedwe a mawu. Akauzidwa `Account Settings` amafunafuna mawu awiri oyamba ndi A ndi S. Choncho wosintha dzina la batani ntchito yake siinathe kufikira atafufuza paliponse pomwe dzina lakale linatchulidwa.

Momwe ena anakonzera

Amene akufuna kuona ntchitoyi itachitika mwadongosolo ayang'ane PostgreSQL, pulogalamu yaulere yosungira ndi kusanja zolembedwa zochuluka, yomwe makampani ndi mabungwe ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito kuseri kwa mapulogalamu awo. Inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986 pansi pa utsogoleri wa Michael Stonebraker, ndipo lero imalembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Malo otere ndi pomwe zikanakhala zosavuta kuti aliyense azilemba zake. Mu 2003, potulutsa mtundu wa 7.4, anakonzanso mawu a mauthenga awo kuti afanane, ndipo m'buku lawo la malangizo muli mutu wapadera wofotokoza kalembedwe ka uthenga wa cholakwika.

Iwo amagawa uthenga patatu: chomwe chachitika, tsatanetsatane wake, ndi malangizo a chochita. Tinene kuti mlembi wa pasukulu akufuna mayina a ophunzira koma walemba `dzna` m'malo mwa `dzina`. Mwa zomwe zimatuluka muli mizere iyi:

```
ERROR:  column "dzna" does not exist
HINT:  Perhaps you meant to reference the column "ophunzira.dzina".
```

Mzere woyamba ndi waufupi, wongonena chomwe chalakwika. Wayamba ndi chilembo chaching'ono ndipo ulibe mpumiro. Mzere wachiwiri ndi chiganizo chathunthu, choyamba ndi chilembo chachikulu n'kuthera ndi mpumiro. Izi si ngozi, ndi lamulo lolembedwa, ndipo lili ndi chifukwa chake. Mzere woyamba nthawi zambiri umatengedwa ndi pulogalamu ina n'kuikidwa m'kati mwa chiganizo china, pambuyo pa mawu monga "kusunga kwakanika:". Ukanakhala ndi chilembo chachikulu ndi mpumiro wakewake, bwenzi zikuoneka ngati chiganizo chadukira pakati. Malamulo a kalembedwe a GNU komanso a chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Go amanenanso zofanana ndi zimenezi.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri m'malangizo awo ndi kusiyanitsa kwawo `could not` ndi `cannot`. Mawu oyambawo amagwiritsidwa ntchito pamene pulogalamu yayesa n'kulephera, koma ulendo wina zingatheke, mwachitsanzo malo osungira akadzaza. Achiwiriwo ndi a zinthu zomwe sizitheka ngakhale utayesa kangati. Kwa ife kusiyanaku n'kwa "sizinatheke" ndi "sizitheka". Taganizirani phindu lake pa nkhani ya ndalama. "Sizinatheke kutumiza chifukwa netiweki inaduka" akukuuza kuti udikire n'kuyesanso. "Sizitheka kutumiza ndalama ku akaunti yotsekedwa" akukuuza kuti usataye nthawi. Ngati pulogalamu isunga kusiyana kumeneku nthawi zonse, munthu amaphunzira yekha popanda womuuza. Ikangosakaniza kamodzi kokha, phunzirolo lafa.

Nkhani ya zilembo

Kodi kuyamba liwu ndi chilembo chachikulu kapena chaching'ono kuli ndi kanthu? Pakati pa makampani akuluakulu palibe mgwirizano. Pa kompyuta ya Apple muli `New Folder`, pomwe pa Windows muli `New folder`. A Apple amayamba liwu lililonse lofunika ndi chilembo chachikulu pa mabatani ndi pa mndandanda wa zosankha, monga mutu wa buku. A Microsoft amalangiza kuti chachikulu chikhale choyamba chokha pamodzi ndi mayina enieni, monga chiganizo wamba. A Google, m'malangizo awo a Material Design a 2014, ankalemba mabatani ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, koma pofika 2021 anazisiya n'kutsata kalembedwe ka chiganizo.

Ndiye palibe njira imodzi yolondola. Cholakwika ndi kusakaniza, chifukwa chilembo chachikulu chimauza wowerenga kuti ili ndi dzina la chinthu chinachake. Tsamba la thandizo likati "onani Ngongole Zanga", munthu amadziwa kuti pali batani lotero. Likati "onani ngongole zanu", amadziwa kuti akungomulangiza. Tsono ngati zilembo zikuluzikulu zimamwazidwa paliponse pomwe wolemba waona kuti liwu ndi lofunika, chizindikirocho chimatha mphamvu, ndipo munthu amayamba kufunafuna mabatani omwe kulibe.

Kwa olemba m'Chichewa maganizo anga ndi oti atsate kalembedwe ka chiganizo. N'kosavuta kukaphunzitsa, ndipo sikabutsa mikangano yoti kodi "ndi", "ya" kapena "pa" ayambe ndi chilembo chiti. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zisungidwire zidule monga `PIN`. Uthenga wonse ukalembedwa motero, kuwonjezapo mfuuliro, wowerenga amamva ngati akukalipiridwa, ngakhale wolembayo sanafune kutero.

Pali kanthu kena kakang'ono koyenera kukagwirizana msanga, chilembo cha ŵ. Uthenga wamba wa pafoni umalola zilembo 160, koma ŵ mulibe m'gulu la zilembo zomwe zimalola kuchuluka kumeneku. Kakalowa kamodzi kokha, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga womwe ukanapita umodzi umagawika. Gulu lisankhe njira imodzi n'kuilemba patsamba lija, kuti dzina limodzi lisamaoneke mitundu iwiri.

Ndani akulankhula, ndipo akulankhula ndi yani?

M'mauthenga anayi a mayi wa tomato aja mukumveka anthu anayi: wina wolamula mwachidule, wina wokalipa, wina wanthabwala, ndi wina wa muofesi. Wanthabwalayo ndi amene amandipweteka mtima koposa, chifukwa wasankha kuseka pa nthawi yomwe munthu watsala ndi mwayi umodzi kuti atsekeredwe ndalama zake.

M'Chichewa nkhaniyi ndi yaikulu kuposa m'Chingerezi, chifukwa mneni wathu sabisa ulemu. Liwu limodzi loti `Enter` womasulira wina alemba "lowetsa", wina "lowetsani", wina "mulowetse", winanso "kulowetsa". Mafomu onsewa ndi Chichewa cholondola. Koma gogo amene wauzidwa "lowetsani nambala yanu" patsamba loyamba, n'kuuzidwa "yesanso" patsamba lachiwiri, amamva kuti ulemu wachoka pa nthawi yomweyo yomwe walakwitsa. Pulogalamu siidziwa msinkhu wa amene wagwira foni, choncho iyenera kulankhula monga timachitira ndi mlendo: "inu", "mwa-", "-ni", kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ulemu ukakhala kale m'mneni, sipafunikanso kuthira "chonde" ndi "pepani" pamzere uliwonse. Malangizo a Microsoft amati `please` asungidwire pamene ukupempha munthu chinthu chomuvutitsa kapena pamene vuto lachokera ku pulogalamuyo, ndipo `sorry` akhale wa mavuto aakulu, monga kutayika kwa zomwe munthu analemba. Nzeru imeneyi ikugwiranso kwathu. "Pepani" wonenedwa pa kalikonse sakhalanso ndi tanthauzo tsiku lomwe ndalama zasoweradi.

Mawu oweruza nawo apewedwe. Amene anagwiritsapo ntchito Windows 95 akukumbukira uthenga woti `This program has performed an illegal operation and will be shut down.` Kwa akatswiri, liwu la `illegal` linkangotanthauza lamulo lomwe makina sangathe kulichita. Kwa munthu wamba linkamveka ngati mlandu wa kupolisi. Malangizo a PostgreSQL amaletsa liwuli pa zinthu zomwe si kuphwanya malamulo a dziko, ndipo amati ndi bwino kunena chifukwa chomwe chinthucho chakanidwira.

Tikaphatikiza zonsezi, uthenga wa mayi aja ungakhale wotere:

```
Pini yomwe mwalowetsa si yolondola.
Mungathe kuyesanso kamodzi akaunti isanatsekedwe.
Ngati mwaiwala pini, dinani Ndaiwala pini.
```

Dzina ndi limodzi, ulemu ndi umodzi, ndipo batani lotchulidwalo liyenera kukhalapodi pasikirini yomweyo ndi mawu omwewo. Kusasintha kwa kamvekedwe sikutanthauza kuti mauthenga onse akhale ofanana kutalika kapena kulemera. Wouza munthu kuti chithunzi chasungidwa angathe kukhala wa mawu awiri, pomwe wouza munthu kuti akaunti itsekedwa ayenera kufotokoza. Wolankhulayo ndiye asasinthe. Palinso phindu lina pamenepa: bungwe lomwe mauthenga ake amamveka mofanana nthawi zonse limathandiza mamembala kuzindikira uthenga wachilendo wa akuba, pomwe bungwe losinthasintha mawu limazoloweretsa anthu ake kukhulupirira chilichonse.

Kukonza, ndi mtengo wake

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kusonkhanitsa mauthenga onse pamalo amodzi. Mu pulogalamu ya Android mawu oonekera pasikirini amayenera kukhala mu fayilo ya `res/values/strings.xml`, ndipo a Chichewa mu `res/values-ny/strings.xml`. Mawu akakhala pamodzi chonchi, munthu amatha kuwawerenga motsatizana ngati tsamba la buku, ndipo kusiyana komwe kunabisala m'masikirini osiyanasiyana kumaonekera poyera. Kenako mayina oletsedwa aja amafufuzidwa ndi lamulo limodzi:

```
grep -rniE "passcode|secret code" res/
```

Lamuloli limatulutsa mzere uliwonse womwe muli mawu amenewa, kaya alembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kaya zing'onozing'ono. Magulu ena amaliika kuti lizithamanga lokha nthawi iliyonse wina akasintha pulogalamu. Koma makina amangogwira mawu omwe mwawauza. Sangadziwe kuti `password` pamzere uwu akutanthauza pini, kapena kuti nthabwala yaikidwa pamaliro. Zimenezo zimafuna munthu mmodzi wopatsidwa udindo wowerenga uthenga uliwonse watsopano usanatuluke. Chizindikiro choti zinthu sizili bwino chimamvekanso ku ofesi yothandiza makasitomala: oimba foni akamafunsa kuti "kodi iyi ndi yomwe ija?", ndiye kuti chinthu china chili ndi mayina awiri.

Kusintha uthenga womwe anthu anazolowera kuli ndi mtengo wake, ndipo wokonza ayenera kuudziwa. Mapulogalamu ambiri aulere amamasuliridwa kudzera mu chida chotchedwa gettext, chomwe chimagwiritsa ntchito chiganizo cha Chingerezi chenichenicho ngati kiyi yopezera kumasulira kwake. Mukasintha chilembo chimodzi, ngakhale kungochikuza, kiyiyo siigwiranso. Kumasulira kwakale kumaikidwa chizindikiro cha `fuzzy`, kutanthauza kuti n'kokayikitsa, ndipo kufikira womasulira atakuonanso, wogwiritsa ntchito amaona Chingerezi pakati pa Chichewa. Ndi chifukwa chake kukonza kotere kumachitika kamodzi, mokonzekera, omasulira atadziwitsidwa, osati pang'onopang'ono sabata iliyonse.

Vuto lina ndi loti mapulogalamu ena amawerenga mawu a uthenga kuti adziwe chomwe chalakwika, ndiye mawuwo akasintha amasokonezeka. A PostgreSQL atakonza mauthenga awo mu 2003 anachenjeza za zimenezi, ndipo anabweretsa manambala a zolakwika omwe sadalira mawu. Cholakwika cha mlembi wa pasukulu chija chili ndi nambala `42703`, ndipo kuyesa kulowetsa kawiri chinthu chomwe chiyenera kukhala chimodzi chokha ndi `23505`. Mawu angathe kukonzedwa kapena kumasuliridwa m'chilankhulo chilichonse, nambalayo imakhala yomweyo. Bungwe la m'chitsanzo chathu lingathe kutengera nzeruyi poika kanambala kakafupi kumapeto kwa uthenga uliwonse wa cholakwika, n'kuika nambala yomweyo patsamba la thandizo ndi m'kabuku ka wolandira mafoni. Membala wowerenga Chichewa akaimba foni n'kutchula nambalayo, womuthandiza amene akuona Chingerezi pakompyuta yake amadziwa nthawi yomweyo uthenga womwe ukunenedwa, ndipo sayamba ndi kufunsa kuti kodi yakanayo ndi pini kapena pasiwedi.